Galu wanu akaluma mwana, musamuphe: mumangeni masiku 10

Pa Namadzi, pomwe msewu wa M3 wochokera ku Limbe umatsanzikana ndi boma la Chiradzulu n'kulowa la Zomba, galu sadziwa malire. Amagona tsidya lino la mtsinje, m'mawa n'kukatola mafupa tsidya linalo, madzulo ali kuseri kwa chiwaya cha tchipisi pamsika. Ambiri mwa agalu amenewa ali ndi eni ake, koma ndi ochepa amene amagona m'khola kapena pa chingwe. Ndiye tsiku lina mwana wa pakhomo loyandikana nalo akubwera akulira, magazi ali chuchuchu pa katumba, ndipo aliyense akuloza galu wanu.

Nkhani ino ndalembera inu, mwini galuyo, chifukwa pa ola limenelo anthu onse amathamangira kwa mwana n'kukuiwalani, chonsecho yankho lomwe makolo a mwanayo adzalifune kwambiri lili m'manja mwanu. Mtima ukagunda, mwini galu amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Amatenga chibonga n'kumupha galuyo pomwepo kuti aoneke kuti nkhaniyi yamukhudza, kapena amamuzembetsa usiku kwa achibale kuti mlandu uzizire. Zonse ziwirizi zimataya umboni womwe ukanauza banja la mwanayo ngati galuyo anali ndi chiwewe kapena ayi.

Tiyerekeze kuti zachitika Lachiwiri madzulo. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amadutsa pakhomo panu pochokera ku mjigo, galu wanu, yemwe sanalumepo munthu chibadwire, wamumbwandira mwendo. Mabala ndi awiri, akuya, akutuluka magazi. Mukakumbukira bwino, masabata anayi apitawo kunabwera galu wachilendo usiku, analimbana ndi wanuyo, ndipo m'mawa munapeza khutu lake litang'ambika. Khutulo linapola, inu munaiwala. Tiyeni tiyende ndi nkhani imeneyi tsiku ndi tsiku.

Choyamba ndi madzi ndi sopo, galu aonedwa pambuyo. Bala litsukidwe kwa mphindi 15 zathunthu, ndi madzi othiridwa kuti aziyenderera, osati oviika m'beseni. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali kuposa momwe munthu amaganizira, makamaka mwana akulira, choncho wina ayang'ane nthawi pa foni pamene wina akuthira madzi a m'chigubu ndi kupaka sopo. Sopo wochapira yemweyu ndi wokwanira. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a galu, ndipo kali ndi chikuto chamafuta chomwe sopo amachiswa, monga momwe amachotsera mafuta m'mbale. Pa nthawiyi kachilomboka kakadali pabala pomwepo, ndipo kalikonse komwe katsukidwa sikadzafikanso mkati. Ngati pali sipiriti kapena ayodini, apakidwe mukatha kutsuka. Tsabola, mchere, mafuta a galimoto, kapena phulusa la ubweya wa galu yemwe waluma, zonsezi sizipha kachilombo, zimangopsereza bala ndi kuchedwetsa ulendo wa kuchipatala. Balalo lisamangidwe mothina.

Mwana akunyamuka kupita kuchipatala, inu tembenukirani kwa galu. Ngati akukumverani, mumangeni ndi tcheni kapena chingwe cholimba chomwe sangachidule ndi mano, kapena mutsekereni m'chipinda chopanda ntchito, kutali ndi ana, nkhuku ndi mbuzi. Muzimupatsa chakudya ndi madzi tsiku lililonse, koma pomukankhira mbale ndi ndodo, osamugwiragwira. Kenaka tumizani uthenga kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, omwe ambirife timangoti a vetenale. Amfumu kapena alangizi a zaumoyo a m'mudzi amadziwa komwe amapezeka. Funafunani khadi la katemera wa galuyo, ngati lilipo, chifukwa lidzafunsidwa.

Masiku 10 amenewa sanangotolapo munthu m'mutu. Kachilombo ka chiwewe sikayenda m'magazi monga ka malungo. Kakalowa pabala kamakhala kaye mu mnofu, kenaka kamagwira minyewa, timitsempha toyera tomwe timanyamula mauthenga a thupi, n'kumakwera pang'onopang'ono kupita ku msana ndi ku ubongo. Ulendowu mwa galu umatenga masabata angapo, nthawi zina miyezi. Nthawi yonseyi galu amadya, amasewera, amakulonjerani ndi mchira, ndipo malovu ake alibe kanthu. Kachilombo kakafika mu ubongo ndi pomwe kamatsikira ku malovu, ndipo kuyambira pamenepo galuyo watsala ndi masiku owerengeka. Akhoza kuoneka bwinobwino kwa masiku ochepa malovu ali ndi kachilombo kale, koma sangapite patali: amadwala n'kufa. N'chifukwa chake madokotala a ziweto amati galu yemwe waluma munthu, akakhala wamoyo ndi wathanzi patapita masiku 10, ndiye kuti pa tsiku lomwe analuma m'malovu mwake munalibe chiwewe. Pa nkhani yathuyi, tsiku lolumidwa, Lachiwiri lija, silowerengedwa. Lachitatu ndi tsiku loyamba, ndipo tsiku la 10 ndi Lachisanu la sabata yotsatira.

Lamuloli lili ndi malire ake. Limagwira ntchito pa galu ndi mphaka, osati pa nyama zakutchire. Munthu akalumidwa ndi nkhandwe, fisi kapena nyama ina yakutchire, palibe zodikira, amangoyesedwa kuti walumidwa ndi nyama yachiwewe. Chimodzimodzinso galu wachilendo yemwe waluma n'kuthawa osaonekanso.

Pali cholakwa china chomwe chimapweteka anthu ambiri, ndipo ndikufuna muchimve bwino chifukwa makolo a mwanayo akhoza kukufunsani inu. Masiku 10 ndi a galu, si a mwana. Mwana sadikira kuti tione ngati galu afe. Kuno kwathu, komwe chiwewe chilipo ndithu pakati pa agalu, katemera wa munthu wolumidwa amayenera kuyamba tsiku lomwelo kapena mwamsanga momwe kungathekere. Galu akadutsa masiku 10 ali bwino, achipatala ndi amene anganene kuti jakisoni wotsala asiyidwe. Kuyamba n'kusiya kulibe vuto. Kudikira n'kuyamba mochedwa ndi komwe kumapha, makamaka ngati bala lili kumaso, m'khosi, m'mutu kapena m'zala, malo omwe ali ndi minyewa yambiri kapena ali pafupi ndi ubongo. Ana aang'ono nthawi zambiri amalumidwa malo amenewa chifukwa msinkhu wawo ndi wofanana ndi wa galu.

Apa ndi pomwe kalata ya a vetenale imalowera. M'zipatala zambiri za boma m'dziko muno, munthu wolumidwa amafunsidwa kalata yochokera kwa alangizi a ziweto yofotokoza za galu yemwe waluma: ngati akudziwika, ngati anabayidwa katemera, ngati akuonetsa zizindikiro. Katemera wa anthu ndi wodula ndipo sapezeka wambiri, ndiye kalatayi imathandiza achipatala kudziwa yemwe ali pachiopsezo chenicheni. Inu mukabisa galu, kapena mukanama kuti anabayidwa pamene sanabayidwe, kalatayo ilembedwa molakwika, ndipo mwana akhoza kubwezedwa wopanda katemera. Nenani zoona zonse, kuphatikizapo za galu wachilendo uja wa masabata anayi apitawo. Mawu amenewo okha akhoza kusintha chigamulo cha achipatala. Ndipo ngati kalata ikuchedwa chifukwa kwada kapena alangizi ali kutali, mwana apite kuchipatala basi, kalata imutsatira.

Kuchipatala adzayang'ana kukula kwa ngozi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limagawa nkhanizi patatu. Kugwira galu, kumudyetsa, kapena kunyambitidwa pa khungu lopanda bala si ngozi, kusamba n'kokwanira. Kukandidwa kapena kulumidwa pang'ono kosatulutsa magazi kumafuna katemera. Bala loboola khungu, kapena malovu olowa m'maso, m'kamwa kapena pa chilonda, ndiyo ngozi yaikulu, ndipo mwana wathuyu ali m'gulu limeneli. Iye amafunika katemera komanso mankhwala ena otchedwa imyunogulobulini, omwe ndi chitetezo chopangidwa kale chobayidwa m'bala ndi m'mbali mwake, kuti chigwire kachilombo pamene thupi likudikira kupanga chitetezo chakechake. Mankhwala amenewa ndi osowa kwambiri m'Malawi muno, ndipo n'chifukwa chake ndinakhalitsa pa nkhani ya sopo ija. Kwa anthu ambiri a kumudzi, mphindi 15 zotsuka bala ndi katemera woyamba msanga ndiye chitetezo chonse chomwe angachipeze.

Katemera sabayidwa kamodzi. Masiku ake amawerengedwa kuchokera pa jakisoni woyamba, tsiku lomwe achipatala amalemba kuti 0. Njira imodzi ndi yobaya pang'ono mkati mwa khungu, malo awiri, pa tsiku 0, 3 ndi 7. Ina ndi yobaya mu mnofu wa phewa, kapena pa ntchafu kwa khanda, pa tsiku 0, 3, 7 ndi kamodzinso pakati pa tsiku 14 ndi 28, ndipo zipatala zina zimatsatabe dongosolo lakale la majakisoni asanu. Pa thako sabaya, chifukwa pamenepo katemerayu sagwira bwino ntchito. Mwana wathu akayamba Lachiwiri lomwelo, abwereranso Lachisanu, kenaka Lachiwiri lotsatira, ndipo masiku ena adzalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Mayi woyembekezera, woyamwitsa, ngakhale khanda, onse amalandira katemerayu. Achipatala adzaonanso za jakisoni wa kafumbata ndi mankhwala oletsa bala kutukusira, ndipo kawirikawiri bala la galu salisoka msanga, kuti asatsekere kachilombo mkati. Makolo asaone ngati adokotala achita ulesi.

Zimachitika kuti chipatala chaching'ono chilibe katemera. Pamenepo musabwerere kunyumba kukadikira. Pemphani kalata yokutumizani kwina ndipo funsani komwe katemera alipo. Anthu a pa Namadzi ali ndi mwayi wa msewu: chipatala cha boma cha Chiradzulu, chipatala chachikulu cha Zomba ndi cha Gulupu ku Blantyre zonse n'zofikika tsiku lomwelo. Chimene chimagwetsa mabanja ambiri si jakisoni woyamba koma wachiwiri ndi wachitatu, pamene bala layamba kupola, mwana akusewera, ndipo ndalama ya kabaza ndi minibasi yatha. Maganizo anga ndi akuti apa ndi pomwe mwini galu ayenera kuonetsa umunthu wake. Nkhani ya chipukuta misozi idzakambidwa kwa amfumu nthawi yake ikakwana, koma ndalama yoyendera ikufunika Lachisanu m'mawa. Iperekeni musanapemphedwe.

Tsopano tibwerere kwa galu ali pa tcheni uja, chifukwa ntchito yanu m'masiku amenewa ndi kuyang'ana. Anthu ambiri amadziwa chiwewe cholusa chokha: galu woyendayenda osatopa, woluma chilichonse, mitengo, miyala, tcheni chake chomwe, maso ali psuu, dovu lili chuchuchu. Koma chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala kusintha khalidwe basi. Galu waukali amayamba kufatsa modabwitsa, wofatsa amayamba kulusa kapena kubisala kumdima. Kauwidwe kamasintha, mawu amasasa. Ndiye pali chiwewe china chofooketsa, chomwe chimapusitsa anthu kwambiri chifukwa galu salusa n'komwe. Chibwano chimagwa, kukamwa kumakhala yasa, malovu akutayika chifukwa sangathe kumeza, miyendo yakumbuyo ikugwedera. Mwini wake amaganiza kuti fupa lamutsamwa, n'kulowetsa dzanja kukamwa kuti alichotse. Musayerekeze. Dzanja la munthu wolima silisowa timabala, ndipo malovuwo ndi omwe ali ndi kachilombo.

Musadalirenso mayeso a madzi. Ena amaika mbale ya madzi pamaso pa galu, akamwa amati alibe chiwewe. Kuopa madzi ndi chizindikiro cha munthu wodwala chiwewe. Galu wachiwewe akhoza kufika pa madzi n'kuyesa kumwa.

Nkhaniyi ikhoza kutha m'njira ziwiri. Tiyambe ndi yowawa. Tinene kuti Loweruka galu wakana nsima, Lamulungu akuluma tcheni, Lolemba m'mawa mwamupeza atafa. Musamutaye kudzala kapena mumtsinje, musamusende, ndipo musamudule mutu nokha. Itanani a vetenale tsiku lomwelo, mtembo uli pamthunzi, wofunditsidwa, agalu ena asaufike. Chiwewe sichiyezedwa ndi magazi a galu wamoyo. Chimapezeka mu ubongo wa nyama yakufa, ndipo a vetenale ndi omwe amadziwa kutenga kachidutswa kake mosadziika pangozi n'kukayezetsa. Dipatimenti ya boma yoona za umoyo wa ziweto ili ndi malo oyezera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ubongo ukaola ndi kutentha, kapena ukaphwanyidwa ndi chibonga, mayeso amavuta. N'chifukwa chake ngakhale pamene galu walusa moti sangamangike ndipo palibe kuchitira mwina koma kumupha kuti asalume anthu ena, mutu wake usaphwanyidwe. Zotsala za mtembo zikwiriridwe m'dzenje lakuya kapena ziwotchedwe.

Galu akafa kapena akadwala mkati mwa masiku 10, musadikire zotsatira za mayeso kuti muuze anthu. Pitani kwa makolo a mwana uja muwauze kuti asaphonye jakisoni ndi mmodzi yemwe. Kenaka khalani pansi ndi banja lanu, mufunse mwana aliyense payekha, mofatsa, ngati galuyo anamukanda, kumuluma pang'ono posewera, kapena kumunyambita pa chilonda m'masabata awiri apitawo. Ana amabisa zoterezi poopa kukalipiridwa. Aliyense wopezeka apite kuchipatala. Agalu, amphaka, mbuzi kapena ng'ombe zomwe galuyo analuma zionetsedwe kwa a vetenale.

Njira yachiwiri ndi yoti Lachisanu la sabata yotsatira lafika galu akudya ndi kugwedeza mchira. Pitani nawo uthengawo kwa a vetenale ndi kwa makolo a mwana, ndipo mwanayo wapulumuka ku nkhawa. Koma galu wanu sanamasuke, chifukwa cha khutu long'ambika lija. Masiku 10 angotiuza kuti malovu ake anali oyera Lachiwiri lija. Sanatiuze kuti m'minyewa mwake mulibe kachilombo komwe kakukwera kuchokera pa bala la galu wachilendo. Galu yemwe anali ndi katemera wosapitirira nthawi, akalumidwa ndi nyama yokayikitsa, amabayidwanso katemera mwamsanga n'kusungidwa poonekera kwa masabata angapo, ndipo nthawi zambiri amapulumuka. Galu yemwe sanabayidwepo ali pa ngozi yaikulu, ndipo palibe mankhwala otsimikizika omuchiritsa. Madokotala a ziweto amalangiza kuti aphedwe mosamuzunza, kapena atsekeredwe kwa miyezi ingapo, mpaka isanu ndi umodzi, osakhudzana ndi munthu kapena chiweto. Pakhomo la kumudzi lopanda mpanda, kusunga galu motero n'kovuta kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti mawuwa ndi owawa kwa munthu yemwe galu wake wamulondera nkhokwe ndi khola zaka zambiri. Chigamulocho mupange pamodzi ndi a vetenale, koma musamumasule n'kumangoyembekezera mwayi.

Chomwe chimachititsa kuti tilimbikire chonchi ndi mathero a matendawa mwa munthu. Zizindikiro zimabwera patapita miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina chaka, bala litapola kalekale. Zimayamba ngati malungo wamba, ndi kuyabwa kapena kunyerenyetsa pa chipsera. Kenaka munthu amasokonezeka, amalephera kumeza, khosi limakokana akangoona madzi kapena kamphepo kakamuomba kumaso. Pofika apa katemera sathandizanso, ndipo pafupifupi aliyense amamwalira. WHO imati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri a mu Africa ndi ku Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kuno kwathu ena amafa osadziwika kuti chinali chiwewe. Kafukufuku yemwe Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anachita pa chipatala cha Gulupu, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti mwa ana 133 omwe anamwalira ndi matenda ogwira ubongo m'zaka zitatu, 14 anafa ndi chiwewe. Mwa ana 26 omwe ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, atatu anali ndi chiwewe. Choncho mwana yemwe analumidwapo ndi galu akadwala, ngakhale papite miyezi, adokotala auzidwe za kulumidwako.

Chipatala chomwecho chinaonanso kusintha. Mu Meyi 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inafalikira ku Blantyre kumidzi, ku Zomba ndi kuno ku Chiradzulu. M'zaka zitatu ntchitoyi isanayambe, ana 12 anafika pa Gulupu ndi chiwewe. M'zaka ziwiri zotsatira anafika awiri okha. Akatswiri amati agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse akabayidwa, kachilombo kamasowa podumphira. Koma agalu a kumudzi sakhalitsa, ambiri amafa ali aang'ono ndipo ena amabadwa, n'chifukwa chake katemera amabwerezedwa chaka ndi chaka, ndipo tiana ta agalu nato timayenera kupita. Zoti katemera amafooketsa galu kapena kumuchotsa ukali wolondera si zoona.

Mukamva chilengezo kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti kapena kwa amfumu kuti obaya agalu afika, tengani galu wanu pa chingwe mupite naye, ndipo khadi lomwe akupatseni mulisunge pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Tsiku lomwe mwana wa mnzanu adzabwere akulira ndi bala pa mwendo, khadi limenelo ndi lomwe a vetenale adzayambe kukufunsani.